Madzi a Mwana, Kuchokera pa Mjigo Kufika M'kapu

M'chaka cha 1993, ku msasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, kumene kunkakhala anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, akatswiri a zaumoyo anayeza madzi amene anthuwo ankamwa. Madzi otuluka m'zitsime za pamsasapo anali abwino, ena opanda ndi kachilombo komwe. Koma madzi omwewo akafika pakhomo, ankapezeka ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi cha anthu. Atalondola bwinobwino anapeza kuti gwero lake lalikulu linali manja. Mayi amatsuka ndowa ndi dzanja, amatunga, ndipo posenza zala zimagwira mkamwa mwa ndowa n'kuviika m'madzi. Mabanja ena anapatsidwa ndowa zovindikira zokhala ndi kamlomo kothirira, zoti dzanja silingalowemo. M'mabanja amenewo, kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu kunatsika ndi magawo 31 pa 100 alionse, chonsecho zitsime zinali zomwezo.

Nkhani imeneyi ndimaikumbukira nthawi zonse ndikamva mayi akudandaula kuti, “Komatu ine madzi a mwanayu ndimawiritsa.” Kawirikawiri amakhala akunena zoona. Chimene chimasowa n'kulondola madziwo kuyambira pamene achoka pamoto mpaka pamene alowa m'kamwa mwa mwana, chifukwa pakati pamenepo m'pamene zinthu zimasokonekera.

Ndiyambe ndanena poyera kuti mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi amene akuyamwa safunika madzi, kaya kutenthe bwanji mu Okutobala. Bere lokha limamukwanira, ndipo ngakhale amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amalangizidwa kuyamwitsa kwinaku akumwa mankhwala awo mokhulupirika. Koma alipo ana amene bere alibe. Mayi anatisiya pochira, kapena ali gone kuchipatala, ndipo mwana watsala m'manja mwa agogo ake kapena azakhali. Tiyeni tiyerekeze khomo lotero: agogo akumudzi, mdzukulu wa miyezi itatu wolemera makilogalamu 5, chitini cha mkaka chimene achibale asonkherana, mbaula, ndi mjigo umene uli kuseri kwa sukulu.

Mwana wa msinkhu umenewu amafuna mkaka wokwana pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa mdzukulu wathuyu ndiye kuti mamililita 750, ogawidwa kasanu ndi kamodzi, usana ndi usiku womwe. Tikawonjezera madzi owiritsira kapu ndi sipuni zake, agogo akufunika malita awiri kapena atatu okha patsiku. Chiwerengero chimenechi n'cholimbitsa mtima. Kuwiritsa madzi a banja lonse n'kovuta, makala ndi nkhuni zakwera mtengo, ndipo ambiri amene amayamba amalekera panjira. Koma malita atatu a mwana n'ngotheka. Ine ndimati madzi a banja athiridwe kolorini, a mwana apite pamoto.

Ntchito imayambira kotunga. Pa madzi onse amene agogo angapeze, a pa mjigo kapena pa mpopi ndiwo oyamba kusankha, a pachitsime chosatetezedwa ndi a mumtsinje akhale a tsiku losowa pogwira. Chifukwa chake si tizilombo tokha, pakuti tizilombo moto umapha. Pali zina zimene moto sungachotse. Chitsime chosaya chimene chayandikana ndi chimbudzi, khola kapena dimba lothiridwa feteleza chimatha kukhala ndi mchere wina wotchedwa naitireti. Munthu wamkulu amamwa osamva kanthu, koma mwa khanda mchere umenewu umalepheretsa magazi kunyamula mpweya, ndipo mwana amayamba kubiriwira milomo, lilime ndi zikhadabo, kupuma movutikira ndi kufooka. Naitireti saoneka, sanunkha, ndipo kuwiritsa kumangomuwonjezera mphamvu, chifukwa madzi akamauluka ngati nthunzi iye amatsalira mumphika. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amalimbikira zoti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Chimodzimodzi mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje imene madzi ake amamveka mchere pakamwa: impso za khanda sizinakhwime, ndipo madzi amchere oterowo, kaya muwawiritse chotani, si oyenera kusungunulira mkaka. Kuli bwino kuyenda mtunda kukatunga kachigubu kamodzi ka mwana pa mjigo wa madzi okoma.

Nthawi ya dzinja madzi amafika pakhomo ali ndi matope, ndipo ngakhale a pa mpopi amabwera ofiirira akakhala kuti anasiya kutuluka kwa maola angapo. Madzi otero amayamba asiyidwa m'ndowa yovindikira kuti adikhe, kenako n'kutsanulira a pamwamba m'chiwiya china pang'onopang'ono, matope n'kutsala pansi. Potsanulapo, pakamwa pa chiwiyacho pakhale nsalu yoyera yopinda kanayi. Ku Bangladesh, ofufuza anaphunzitsa amayi a m'midzi kusefa madzi a m'maiwe ndi nsalu zawo zakale zovala, zopinda kanayi, ndipo zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2003 zinaonetsa kuti kolera inatsika ndi pafupifupi theka. Tizilombo ta kolera n'tating'ono kwambiri moti nsalu singatigwire patokha, koma timakonda kumatirira pa tinthu tokulirapo toyandama m'madzi, ndipo nsalu imagwira tinthu timeneto. Chitenje chakale cha thonje chimagwira ntchito yomweyo. Chikhale cha ntchito imeneyi basi, chizichapidwa ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo mbali imene inali kumwamba isatembenuzidwire pansi mawa lake isanachapidwe.

Komabe theka si zonse. Kusefa kumayeretsa madzi m'maso ndi kuchepetsa tizilombo, koma sikutimaliza. Ngakhale sefa zadothi zija zokhala ngati mphika wa maluwa woikidwa pa ndowa ya kampopi, zimene zimagwira mabakiteriya ambiri, zimadutsitsa mavairasi. Sefa yotero imayenera kudontha pang'onopang'ono, malita osapitirira atatu pa ola. Ikayamba kuthamangitsa madzi, ndiye kuti yachita mng'alu, ndipo sikusefanso kanthu. Kolorini nayenso ali ndi malire ake. Wotagadi, kachivindikiro kamodzi m'ndowa ya malita 20 n'kudikira mphindi 30, amapha tizilombo ta kolera ndi taifodi, ndipo ndi amene anathandiza mabanja ambiri pa mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700. Koma pali kachilombo kena kotsegula ana m'mimba, kotchedwa kiriputosiporidiyamu, kamene kali ndi chikamba cholimba choti kolorini wa mlingo umenewu sachiboola. Moto umakapha. Choncho madzi a khanda, kaya asefedwa, kaya athiridwa mankhwala, kaya ndi a m'botolo ogula m'sitolo, amapitabe pamoto.

Kuwiritsa kwenikweni n'kotani? Ketulo ikayamba kulira, kapena timathovu tikayamba kuoneka pansi pa poto, madzi amakhala asanawire. Owira ndi amene akubwata mwamphamvu, akugudubuzika, oti ngakhale muwatakase ndi chikombe sasiya. Akafika pamenepo awerengereni mphindi imodzi yathunthu. Kupitirira apo n'kungotha makala, ndiponso kuchulukitsa mchere umene unalimo kale. Pa chifukwa chomwecho, madzi otsala m'ketulo dzulo asamawonjezeredwe ena n'kuwiritsidwanso tsiku ndi tsiku. Akhuthulidwe, ketulo iyambe ndi atsopano. Poto akhale wa madzi a mwana yekha, wovindikira, kuti utsi ndi phulusa zisalowe, wosati amene madzulo anaphikira usipa.

Tsopano tafika pamene ambiri, ngakhale ophunzira, amalakwitsa. Timaganiza kuti ufa wa mkaka, poti wachokera kufakitale m'chitini chomata, ndi woyera kotheratu, ndiye timawiritsa madzi, kuwasiya azizire, n'kusungunulira. Koma ufa umenewu suphikidwa mofika pakupha kachilombo kalikonse. Nthawi zina mumatsala mabakiteriya, makamaka salimonela ndi ena otchedwa koronobakita, ndipo ena amalowa chitini chikatsegulidwa pakhomo. Koronobakita sagwira ana ambiri, koma akagwira khanda, makamaka losakwana miyezi iwiri kapena lobadwa masiku asanakwane, amalowa m'magazi ndi mu ubongo, ndipo amapha. N'chifukwa chake malangizo amene Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linatulutsa mu 2007 amati ufa uzithiridwa m'madzi amene kutentha kwake sikunatsike pansi pa madigiri 70. Kutentha kumeneko kumakhala kukuphikanso ufawo.

Agogo athu alibe choyezera kutentha, koma safunika kukhala nacho. Lita imodzi ya madzi owira, ikasiyidwa m'ketulo yovindikira, imakhala isanatsike pa madigiri 70 kufikira mphindi 30. Madzi ochepa amazizira msanga, choncho akawiritsa theka la lita asadikire kupitirira mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Akayamba asamba m'manja ndi sopo. Kenako amathira madziwo m'kapu kapena m'botolo lokhala ndi mizere yoyezera, mpaka pa mzere wa 120. Madzi amayamba, ufa pambuyo, chifukwa mukayamba ndi ufa n'kudzazira madzi mpaka pa mzere, madziwo amakhala atachepa. Zitini zambiri zimati kasipuni kamodzi ka m'chitinimo pa mamililita 30 alionse, ndiye pa 120 ndi timasipuni tinayi, koma chitini chilichonse chiwerengedwe pachokha, ndipo kasipuni ka chitini china kasagwiritsidwe ntchito pa chinzake. Kasipuniko kadzaze n'kusalazidwa pamwamba ndi mpeni woyera, osatsendera, osaunjika.

Apa pali mayesero awiri, ndipo onse ndimawamvetsa. Chitini chikayamba kuoneka pansi pamene mwezi uli pakati, dzanja limafuna kuthira timasipuni titatu m'malo mwa tinayi. Mwana amakhuta madzi, amalira pafupipafupi, ndipo kusikelo mzere wa m'buku lake umagona m'malo mokwera. Mkaka ukasukuluka kwambiri, mchere wa m'magazi mwake umatsika mpaka kukomoka. Ena, pofuna kuti mwana anenepe kapena agone usiku wonse, amaunjika ufa. Mkaka wolimba chotero umakoka madzi m'thupi mwa mwana ndi kulemetsa impso. Mwana wodalira chitini amatha ufa wokwana pafupifupi makilogalamu 20 m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo banja liyenera kudziwa zimenezi kuchiyambi, kuti likaona kuti silikwanitsa likauze achipatala msanga m'malo mosukulutsa mwakachetechete.

Mkaka ukasakanizidwa umakhala wotentha moti ungawaule mwana m'kamwa. Kuuziziritsa kwake si kuthiramo madzi ozizira, ndiponso si kuuzira ndi pakamwa. Kapu yovindikira kapena botolo lotseka limaimikidwa m'beseni la madzi ozizira, madziwo osafika pa chivindikiro, n'kumaligwedeza. Pakapita mphindi zingapo agogo amadontheza pang'ono mkati mwa mkono, pafupi ndi dzanja. Akamva kufunda chabe, osati kutentha, mkaka wafika. Mwana akamwa n'kusiya wina, wotsalawo usasungidwe. Mkaka wofunda wosakanikirana ndi malovu ndi munda wachonde wa mabakiteriya, amene pa nyengo yotentha ena amawirikiza kawiri pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Malire ake ndi maola awiri chiupangireni. Kutaya mkaka wogula modula kumapweteka mtima, choncho mwana amene amasiyasiya azipangiridwa wochepa, mamililita 90 ndi timasipuni titatu, n'kuwonjezera akafuna. Amene ali ndi firiji angathe kusunga mkaka wongopanga kumene, umene mwana sanaulawe, kwa maola 24, koma magetsi akazima kwa nthawi yaitali chiwerengero chimenecho sichigwiranso ntchito.

Nanga usiku? Palibe agogo amene angakoleze mbaula 2 koloko m'bandakucha mwana akulira. Chimene chimachitika m'makomo ambiri n'chakuti botolo limapangidwa madzulo, n'kukulungidwa m'nsalu kapena kuikidwa m'bulangete kuti likhale lofunda. Palibe njira yoopsa kuposa imeneyi, pakuti kufunda kumeneko n'kumene tizilombo timakonda. Chofunika kusunga chotentha ndi madzi, osati mkaka. Fulasiki yabwino, yotsukidwa, yoyamba yatenthetsedwa ndi madzi owira pang'ono amene amakhuthulidwa, kenako n'kudzazidwa mpaka m'khosi ndi madzi ongochoka pamoto, imasunga kutentha kokwanira kwa maola angapo. Yodzaza theka imazizira msanga. Mukatsegula n'kuona kuti nthunzi sikutuluka mwamphamvu, kapena kunja kwa fulasikiyo kukumveka kufunda, ndiye kuti yafooka ndipo isadaliridwe. Fulasiki imeneyi isalowemo tiyi kapena phala. Pakhomo pamene pali mwana wa chitini, ine ndingalangize achibale kuti pa ndalama yoyamba yosonkha agulepo fulasiki asanagule zovala.

Chomwera nacho chili ndi mlandu wake. Botolo lili ndi makona, mizere ya pakhosi ndi kansonga ka labala, ndipo monsemo mumabisala mkaka wouma. Mukanunkhiza kansongako n'kumva kafungo kosasa, dziwani kuti muli zamoyo. Kapu yaing'ono yopanda mlomo imatsukika ndi sopo mbali zonse, ndipo achipatala amaphunzitsa kumwetsa nayo ngakhale makanda obadwa osakwana masiku: mwana amakhazikidwa chotsamira, kapu imagunda mlomo wam'munsi, mkaka n'kungofika m'mphepete kuti azidzipsontha yekha, osamutsanulira m'kamwa. Kaya ndi kapu kaya botolo, zikatsukidwa zimamizidwa m'poto wa madzi n'kubwatitsidwa, ndipo zimakhala momwemo movindikira mpaka nthawi yogwiritsa ntchito. Kuzipukuta ndi kansalu ka mbale n'kubwezeramo zonse zimene moto unachotsa, ndipo pathandala pamatera ntchentche ndi nkhuku.

Mdzukulu uja akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi amayamba phala, ndipo mavuto amasintha nkhope. Phala la mgaiwa wosakaniza ndi soya kapena nsinjiro, kapena Likuni Phala, limabwata pamoto nthawi yaitali, choncho madzi ophikira, malinga akhale osefedwa ndi ochokera pabwino, amayera pophika pomwepo. Ngozi imabwera phala litaphulidwa. Lalimba, latentha, mwana akulira, ndiye dzanja limatenga chikho, kutunga mumtsuko, n'kuthira m'mbale kuti lifewe ndi kuzizira. Madzi a theka la chikho amenewo amafafaniza kuphika konse. Phala likafuna kufewetsedwa, lifewetsedwe lili pamoto n'kubwatanso, kapena ndi madzi a m'fulasiki. Ndipotu phala la mwana siliyenera kukhala lamadzimadzi. Loyenera ndi limene limakhala pa sipuni mukaipendeketsa, osayenderera, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo madzi amalanda malo a chakudya. Kuliziziritsa n'kulitambasula m'mbale yoyera n'kumalitakasa ndi sipuni. Ufa wa phala wogula m'sitolo, uja wongosungunula osaphika, uli ngati mkaka wa m'chitini: madzi ake ayenera kukhala owiritsa.

Phala la m'mawa losungira masana lili ndi vuto lina limene ambiri salidziwa. Mu ufa mumakhala mabakiteriya ena a m'dothi amene amadzitsekera m'tinjere tolimba tosafa ndi kuphika. Phala likazizira n'kukhala maola ambiri, tinjereto timadzuka, kuswana, n'kutulutsa poizoni amene wina sathanso ngakhale mutenthetse. Phalalo silisintha fungo kapena maonekedwe. Choncho la mwana liphikidwe lochepa, lodya nthawi imodzi. Poyamba amangodya masipuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu patsiku, ndipo kapoto kakang'ono kamakwana.

Pa msinkhu umenewu mwana amayambanso kumwa madzi, ndipo apa m'pamene phunziro la ku Nyamithuthu limagwira ntchito kwambiri. Madzi owiritsa alibe chowateteza. Othiridwa kolorini amakhala ndi mankhwala otsalira amene amapha tizilombo tolowa pambuyo pake, koma owiritsa akangozizira, chilichonse chogweramo chimakhala ndi moyo. Mtsuko umaziziritsa bwino madzi ndipo amakoma, koma kukamwa kwake n'kotakasuka, ndipo chikho chimene chimakhala pa chivindikiro chimagwiridwa ndi aliyense: mwana wochokera kosewera, bambo wochokera kumunda, mlendo. Madzi a mwana akhale m'chiwiya chawochawo cha kukamwa kopapatiza, chotsekeka, choti madzi amachita kutsanulidwa osati kutungidwa. Chosavuta koposa n'kuwasiya m'ketulo momwe anawiriramo, chivindikiro chili pomwepo, pamalo okwera. Akatha tsiku limodzi apite ku ntchito zina, ena awiritsidwe. Kachigubu kakagwiritsidwa ntchito, kakhale koti sikanasungepo palafini, mafuta kapena mankhwala a mbewu, ndipo kazitsukidwa mkati ndi sopo kapena madzi a kolorini, chifukwa pakapita masiku m'makoma mwake mumamera utelezi umene mumaumva mukapisa chala pakhosi pake.

Zikalakwika, thupi la mwana limanena. Chimbudzi cha madzi katatu kapena kuposa patsiku, kusanza, thewera louma kwa maola asanu ndi limodzi, kulira kopanda misozi, maso olowa, khungu la pamimba loti mukalitsina limachedwa kubwerera. Liwombo likalowa, ambiri kwathu kuno amathamangira kukamata mankhwala pamutu, koma liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo limadzadzanso madziwo akabwerera. Mwana wotsegula m'mimba apitirize kulandira mkaka wake pa mlingo wa nthawi zonse, wosasukulutsa, ndipo apatsidwe Thanzi, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, pang'onopang'ono ndi sipuni, ali pa ulendo wa kuchipatala kumene akalandirenso mapiritsi a zinki. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, likakana kumwa, likalefuka kapena kukomoka, si la mawa ayi, ngakhale kukhale usiku. Popita, agogo atenge chitini cha mkaka, kasipuni kake ndi chomwera cha mwanayo, kuti anamwino akaone ndi maso momwe mkakawo umapangidwira pakhomo.